Tchati cha kubadwa chopanda ola: chotayika ndi chotsala

Msuweni wanga anabadwira m'nyumba, kufupi ndi doko la Kachulu, pa 24 Okutobala 1995, chaka chimene Nyanja ya Chilwa inaphwa. Mwezi watha anaika pa foni kapulogalamu kojambula tchati cha kubadwa, chija chosonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali nthawi imene munthu ankabadwa. Tsiku analemba, malo analemba Zomba. Atafika pa ola, anaima. Chiphaso cha unzika chili ndi tsiku lokha, ndipo mzamba amene anamulandira anatisiya kalekale. Iye anangolemba 12:00, kenako n'kuyamba kukayikira chibwenzi chake chifukwa cha zimene anawerenga pa "nyumba ya ukwati".

Ndinene msanga kuti sayansi sinapeze umboni woti nyenyezi zimaumba khalidwe la munthu. Koma ngakhale pa malamulo a okhulupirira nyenyeziwo, zimene msuweniyu anawerenga sizinali zake.

Vuto ndi kuzungulira kwa dziko. Thambo analigawa m'zizindikiro 12, chilichonse madigiri 30, ndipo zonsezo zimatulukira kum'mawa motsatana pa maola 24. Chimene chikutuluka pa mphindi imene mwana wabadwa ndicho pa foni chimalembedwa Ascendant. Chimasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, kotero pakatha maola pafupifupi awiri chasintha. Tsiku limene msuweni anabadwa, mwana wobadwa dzuwa litangotuluka anali ndi Scorpio, wobadwa likulowa anali ndi Taurus. Mudzi womwewo, tsiku lomwelo.

Nyumba 12 za m'tchati, ya chuma, ya ukwati, ya ntchito ndi zinazo, amaziwerenga kuyambira pa Ascendant. Iye akalakwika, zonse zapendekeka. Foni siikuchenjezani. Mukalemba ola lapakamwa, imajambula bwinobwino tchati cha munthu wina.

Nanga chotsala n'chiyani? Zonse zoyenda pang'onopang'ono. Dzuwa limasuntha pafupifupi digiri imodzi patsiku, ndipo pa 24 Okutobala 1995 linali mu Scorpio kuyambira pakati pa usiku mpaka tsiku kutha. Apa msuweni anachita mwayi, poti linali litangolowamo usiku wa pa 23. Akanabadwa dzulo lake masana, likanakhala mu Libra. Jupiter anali mu Sagittarius chaka chonsecho, Saturn mu Pisces. Zimenezi ola silizikhudza, ngakhalenso kutalikirana kwa mapulanetiwa, kumene owerenga tchati amakudalira kwambiri.

Mwezi ndiye wovuta. Umayenda madigiri pafupifupi 13 patsiku, n'kusintha chizindikiro pakatha masiku awiri ndi theka. Njira yake ndi yosavuta: jambulani tchati kawiri, choyamba pa 00:01, chachiwiri pa 23:59. Mwezi ukakhala m'chizindikiro chimodzi pa zonse ziwiri, ndiye kuti ndi chomwecho. Kwa msuweni sizinatero. Tsikulo kunali kadamsana amene anaoneka ku India ndi ku Thailand, mwezi ukudutsa pa dzuwa kuchiyambi kwenikweni kwa Scorpio. Pa nthawi ya kuno, mwezi unachoka mu Libra n'kulowa mu Scorpio cha m'ma 6 koloko m'mawa. Ola lake lija la 12:00 linamupatsa Scorpio.

Tinapita kwa azakhali, mayi ake. "Amayi, ndinabadwa nthawi yanji?" Anaseka. "Mwanawe, wotchi ndikanaitenga kuti? Kunali kusanache. Tambala anali atalira, agogo ako ndiwo ananyamula koloboyi."

Mawu ochepawa anagwira ntchito, koma osati yonse. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limatuluka pa Chilwa itangodutsa 5 koloko. Ngati kunali mdima, mwezi unali usanachoke mu Libra, ndiye foni inamunamiza. Ascendant ndi nkhani ina. Usiku umenewo Libra inayamba kutuluka cha m'ma 3 koloko ndi theka, Virgo isanathe inali patsogolo pake. Tambala uja analira kangati? Azakhali sakukumbuka, ndipo ine sindiwadabwa.

Alipo amene amalonjeza kupeza ola lenileni pofunsa zaka zimene munakwatira, kudwala kapena kuferedwa, n'kumasuntha wotchi mpaka tchati chigwirizane nazo. Amalipiritsa. Awiri a iwo akhoza kukupatsani maola awiri osiyana, ndipo palibe choyesera kuti wolondola ndani. Ndalamayo bola kugula bandulo n'kuimbira wachibale amene analipo tsikulo. Ngati munabadwira kuchipatala, funsani ngati kaundula wa kochirira wa chaka chimenecho akadalipo.

Msuweni anafufuta 12:00 uja n'kusankha pamene palembedwa kuti ola silikudziwika. Nyumba zonse zinachoka pa sikirini, ya ukwati yomwe. Mwezi anachita kulemba yekha m'kope: Libra, malinga ndi amayi.