Tumatiki twa Buluu Si Yankho

Sabata yatha, nili m'minibasi yocoka ku Matero kupita m'tauni, ninatumila mlongo wanga meseji pa WhatsApp. Ninapempha K500 yowonjezela pa lenti, cifukwa a landilodi anali atanipatsa masiku awili cabe. Tisanafike pa Lumumba, tumatiki tuwili tunasanduka twa buluu. Tsiku lonse, zii. Mtima unanena kuti: waŵelenga, manje wanyalanyaza dala.

Madzulo ninamuimbila nili wokwiya. Iye anadabwa. Foni anali ataisiyila mwana wake kuti aonelele makatuni pamene iye anali kutsegula belo la salaula ku City Market. Mwana anagunda pa dzina langa, meseji inatseguka, basi. Mlongo wanga sanaione n'komwe.

Apaulendo anzanga, tiyeni timvetsetse tumatiki utu. Kamodzi kotuŵa kamatanthauza kuti meseji yacoka pa foni yanu koma sinafike, mwina mnzanu bandulo yamuthela kapena malaiti anapita ndipo batili yafa. Tuwili totuŵa tumatanthauza kuti yafika pa foni yake. Twa buluu, tumene tunayamba mu 2014, tumangokamba kuti maceza anu anatsegulidwa pa sikilini. Foni sidziŵa amene waigwila, ndipo sidziŵa ngati maso anaŵelengadi.

Ngakhale totuŵa tumanamiza. Munthu angaŵelenge meseji pa kacidziŵitso kamene kamabwela pamwamba pa sikilini osaitsegula, tumatiki n'kukhala totuŵa. Wina amazimitsa Read receipts pansi pa Settings ndi Privacy, koma akatelo nayenso saona buluu wa anzake. Mu gulupu kuzimitsako sikugwila nchito, ndipo kumeneko meseji imakhala ya buluu pokhapokha onse ataitsegula.

Nanga amene waŵelengadi koma sanayankhe? Inunso mumacita. Meseji yabwela muli opanikizana anayi pa mpando, kondakita afuna ndalama, ndipo pa Kulima Tower simungasiye foni pafupi ndi windo. Mumati niyankha nikatsika, kenako mwaiŵala, cifukwa meseji yotsegulidwa sionekanso ngati yatsopano. Ndipo nkhani ya ndalama siyankhidwa msanga. Munthu afuna ayambe waŵelenga zimene wagulitsa, kapena akambilane ndi amuna ake. Wina acita manyazi kulemba kuti alibe.

Sinikana kuti ena amatinyalanyaza dala. Koma umboni wake si buluu wa tsiku limodzi. Ngati mwaimba, mwakumbutsa, sabata yapita osamva kanthu, pamenepo mungadandaule.

Maganizo anga ni awa: nkhani ya matenda, malilo kapena lenti, imbani foni. Ngati mwalemba, chulani nthawi imene mufunila yankho. Ndipo inu amene mwatsegula, mau aŵili akuti "naona, madzulo" sakuthelani bandulo.

Mlongo wanga anatumiza K300 m'maŵa mwake. Ine n'nayamba napepesa.