Vidiyo imawonongeka panjira, osati m'kamera

Vidiyo ikatuluka yosaoneka bwino pa Facebook, ambirife timathamangira kunyoza foni ya amene anajambula. Koma mukatenga foniyo n'kuonera vidiyo yoyambirira, nthawi zambiri mupeza kuti ili bwinobwino. Ine ndikuti mlandu uli pa njira imene timatumizirana mavidiyo tisanawaike pa intaneti.

Tiyambe ndi kulemera kwake. Foni ikamajambula pa 1080p, imatenga zithunzi 30 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni. Mafoni ambiri amadya pafupifupi 2 MB pa sekondi, choncho vidiyo ya mphindi zitatu imalemera pafupifupi 360 MB. WhatsApp, Facebook ndi YouTube sangapereke katundu wotere kwa aliyense woonera, ndiye amayamba aifinya kaye vidiyoyo.

Kufinyaku kuli ndi nzeru yake. Makina amasunga chithunzi chimodzi chathunthu, ndipo pa zithunzi zotsatira amangolemba zimene zasintha. Mtsogoleri wa kwaya akamalankhula ataima pakhoma, zosintha n'zochepa, milomo ndi manja basi, motero amaonekabe bwino. Nanga Gule Wamkulu pa Kulamba ku Mkaika? Fumbi likukwera, nthenga zikugwedezeka, anthu akusuntha, wojambula nayenso akutsatira gule. Chilichonse chikusintha koma malo osungira ndi ochepa, ndiye makina amataya tinthu ting'onoting'ono. Apa m'pamene nkhope zimasalala ngati zopakidwa dothi ndipo fumbi limasanduka timabokosi.

Tsopano tsatirani ulendo wa vidiyo ya guleyo. Wojambula aitumiza pa WhatsApp kwa woyang'anira peji, mwa njira ya masiku onse. WhatsApp iitsitsa kufika pa 480p, pamene timadontho timatsala pafupifupi 410,000, gawo limodzi mwa magawo asanu. Tinene kuti yafika ikulemera 30 MB: ndiye kuti pa magawo 12 patsala limodzi. Woyang'anira aiika mu pulogalamu yodulira mavidiyo kuti alembepo dzina la mwambo, ndipo poisunga ifinyidwa kachiwiri. Akaiika pa Facebook ifinyidwa kachitatu. Zimene zinatayidwa pa ulendo woyamba sizibwereranso. Ngakhale musankhe 1080p posunga, mwangokulitsa chinthu chowonongeka kale, ngati kukopa fotokope ya fotokope.

N'chifukwa chake ndikunena kuti ulendo woyamba ndi umene tiyenera kuuteteza. Pa WhatsApp, dinani chizindikiro chophatikizira mafayilo, musankhe Document m'malo mwa Gallery. Vidiyo imapita monga ilili, ndipo njirayi imalola mpaka 2 GB. Ngati n'zosatheka, pitani pa Settings, kenako Storage and data, ndipo pa Media upload quality musankhe HD quality. Dziwani kuti HD ya WhatsApp imafika pa 720p, ndipo imafinyabe. Ndi yabwino kuposa 480p, koma si vidiyo yoyambirira.

Wina anena kuti, "Bando ya 360 MB ndiipeza kuti?" Funso ili n'lomveka, ndipo si vidiyo iliyonse yofunika zonsezi. Uthenga woitanira anthu ku msonkhano ungapite mwa njira wamba. Koma vidiyo yopita pa peji ya mpingo, ya wailesi kapena ya malonda, iduleni kaye: masekondi 45 abwino kwambiri ndi 90 MB zokha. Ngati wojambula ali pafupi, kopani ndi chingwe kapena memore khadi, osawononga bando n'komwe.

Musanaimbe mlandu aliyense, fufuzani pamene vuto lili. Pa YouTube, vidiyo imayamba kuoneka pa mlingo wotsika ikangoikidwa, ndipo HD imabwera pambuyo, choncho dikirani musanagawe linki. Kenako tsegulani Quality. Nthawi zambiri imakhala pa Auto, kutanthauza kuti netiweki ikafooka chithunzi chimatsitsidwa dala kuti vidiyo isamaimeime. Mukasankha mlingo wapamwamba chithunzi n'kuyera, vuto linali netiweki yanu. Chikakhalabe chosaoneka bwino, makamaka pamene anthu akusuntha, onani kulemera kwa fayilo imene munaika. Mphindi zitatu zolemera 30 MB zikukuuzani kuti inafinyidwa kale isanafike kwa inu.

Kamera tiziidzudzula pokhapokha vidiyo yoyambirira ikaoneka zoipa m'foni momwemo. Apo pukutani galasi lake, jambulani powala, ndipo gwirani foni osagwedeza, chifukwa mdima ndi kugwedeza zimawonjezera zosintha zimene makina adzataye. Ngati yoyambirira ili bwino, musagule foni ina. Funsani amene anajambula akupatseni fayilo yeniyeniyo, muiike kuchokera pamenepo.