Magazi pang'ono, ngozi yaikulu: mimba yaing'ono isabisidwe kwa anesi

Kwathu mimba yaing'ono siululidwa. Mai amakhala cete kufikira citenje cayamba kuthina. Mwambo uwu ndiulemekeza, koma ndifuna kunena mosabisa kuti pali tsiku limene kukhala cete kumapha. Tsikulo ndi pamene mai wadumpha kumwezi, waona timagazi pang'ono, ndipo m'munsi mwa mimba mupweteka mbali imodzi.

Tiyerekeze mai wa zaka 26 kumudzi wina kufupi ndi Katete. Anayamba kusamba komaliza pa 1 Malichi. Mwezi wa Epulo wafika, kumwezi kulibe. Pa 19 Epulo, mimba ili ndi masabata 7, waona timadontho ta magazi oderako ndipo kudzanja lamanja kulasa ngati munga. Auza apongozi ace, ndipo iwo ati, "Mwananga, ndi kusamba kocedwa cabe, imwani panado mugone." Apongozi sanafune zoipa. Anayesa kukula kwa vuto poona magazi a pansalu, ndipo apa ndi pamene ambiri tiphonya.

Dzira la mai likakumana ndi mbeu ya mwamuna, liyenera kutsika m'kanjira kopita ku ciberekero. Nthawi zina limaima panjira ndi kuyamba kukulira momwemo. Iyi ndiyo mimba ya kunja kwa ciberekero, ndipo imapezeka pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100. Ciberekero cimatambasuka, koma kanjira aka ndi kopapatiza ndipo sikatha kusunga mwana. Mimba ikamakula, kawirikawiri pakati pa masabata 6 ndi 10, kanjirako kangaphulike. Pamenepo magazi amathira m'kati mwa mimba, kumene maso saona. Pansalu pangakhale timadontho, koma m'kati mwataika lita yathunthu kapena kuposa.

Tibwerere kwa mai wathu. Usiku amva kuwawa pansonga ya phewa, cikhalireco sanasenze kanthu. Ici cicitika cifukwa magazi otaika m'mimba amakhudza mnofu wopumira wa pansi pa mapapo, ndipo ululu wace umamveka paphewa. Akaimirira amva cizungulire, thukuta lozizira lituluka, m'manja mwayera, mtima ugunda mofulumira. Zikafika apa si zodikira kuti kuce. Munthu angamwalire m'maola ocepa.

Anthu ena adzati, "Kodi si azimai ambiri amene amaona timagazi mimba ili yaing'ono, nabereka bwino?" N'zoona. Koma palibe mzamba, ng'anga kapena agogo amene angasiyanitse ndi maso. Ngakhale kupima mkodzo kumangonena kuti mimba ilipo, sikunena kumene yakhala. Cimene cimaonetsa ndi sikani. Mkodzo ukaonetsa mimba koma sikani ipeza m'ciberekero mulibe kanthu, adokotala amaganizira za mimba ya kunja, ndipo angapime magazi ndi kubwereza patapita masiku awiri.

Kufulumira kuli ndi phindu lace. Mimba yotere ikapezeka ikali yaing'ono ndipo kanjira sikanaphulike, nthawi zina jekeseni imakwanira kuiletsa kukula. Ikaphulika, pafunika opaleshoni ya mwamsanga, kawirikawiri kucotsa kanjirako, mwinanso kuika magazi. Palibe njira yoisamutsira m'ciberekero, cotero mai asadziimbe mlandu. Tinjira iti tili tiwiri, ndipo ambiri amatenganso pakati ndi kotsalako.

Ngozi imakula kwa amene anadwalapo matenda opatsirana pogonana monga cinzonono, amene anacitidwapo opaleshoni ya tinjira iti, amene anakhalapo kale ndi mimba ya kunja, ndi amene atenga pakati ali ndi lupu. Komabe azimai ambiri amene zimawagwera alibe ngakhale cimodzi mwa izi.

Maganizo anga ndi awa. Amai, lembani tsiku limene mwayamba kusamba. Mukafika pa kiliniki musangoti "m'mimba muwawa". Nenani kuti mwadumpha kumwezi, mwaona magazi, ndipo ululu uli mbali imodzi. Msungwana wa pasukulu nayenso anene zoona kwa anesi, pakuti manyazi amatha koma maliro sabwezedwa.

Inu abambo, musadikire kuti mwezi uthe mulandire malipiro. Bwerekani ndalama ya galimoto usiku womwewo. Kiliniki yaing'ono ilibe cipinda ca opaleshoni, cotero mukatumizidwa ku cipatala cacikulu, kaya ku St Francis ku Katete, ku Chipata Central kapena ku UTH mu Lusaka, musayambe mwabwerera kunyumba kukaphika nsima.

Ndipo inu a zaumoyo, mai aliyense wa msinkhu wobereka amene wabwera ndi ululu wa m'munsi mwa mimba ayenera kupimidwa mkodzo asanapatsidwe mankhwala a m'mimba.

Bisani mimba kwa anansi ngati mufuna. Kwa anesi, iai.