Si zoona kuti phindu lopita kunja silidulidwa msonkho

Msonkho wodula ndalama zisanatuluke m'dziko ndi umene boma limatenga pa phindu la masheya, pa chiwongoladzanja cha ngongole, komanso pa malipiro a umwini wa dzina kapena luso, pamene wolandira ndalamazo ndi munthu kapena kampani yakunja. Ku Ntcheu, kuyambira pamsika wa Lizulu mpaka ku Tsangano, kwafala mawu akuti mlendo woika chuma chake m'Malawi amatumiza phindu lonse kwawo osasiya ngakhale tambala, pomwe mayi wogulitsa kachewere amadulitsa chiphaso cha msika tsiku lililonse. Ena amawonjezera kuti bungwe lotolera msonkho la MRA lilibe mphamvu pa munthu wokhala ku London kapena ku Johannesburg. Mawuwa adakula mu 2024, boma litauza kampani ya ku America ya Columbia Gem House kuti ilipire madola oposa 309 biliyoni pa miyala yamtengo wapatali ya ku Chimwadzulu, zimene kampaniyo idakana. Mkwiyo wa anthu ndi womveka, koma zimene akunenazo n'zolakwika, ndipo zikuphimba malo enieni amene ndalama zimathawira.

Lamulo la msonkho la Malawi silidalira kufunafuna mlendoyo kwawo. Limagwira wolipira, yemwe ali kuno. Kampani ya m'Malawi ikafuna kutumiza ndalama zoterezi kwa wakunja, imayenera kudulapo 15 peresenti n'kukapereka ku MRA, ndipo wakunjayo amalandira zotsala. Pa ntchito za migodi mlingo wake ndi 10 peresenti. Msonkhowu amauwerengera pa ndalama yonse, osachotsapo zimene wolandirayo adawononga, ndipo ukadulidwa nkhani yatha: wakunjayo safunikanso kudzaza mafomu kuno. Kampani ikanyalanyaza kudula, ngongoleyo imagwera iyo yomwe pamodzi ndi chindapusa. Ndalama zakunja nazonso sizituluka mwachisawawa, chifukwa zimadutsa ku banki, ndipo banki imafuna mapepala osonyeza chifukwa chotumizira ndalamazo.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Tinene kuti ku Tsangano kuli kampani yokonza ndi kupakira kachewere, yolembetsedwa m'Malawi, koma mwini wake ndi wakunja. Pakutha pa chaka yapeza phindu la K100 miliyoni. Poyamba ilipira msonkho wa makampani wa 30 peresenti, womwe ndi K30 miliyoni. Ikaganiza zopereka K70 miliyoni yotsalayo kwa mwini wake ngati phindu la masheya, idulanso 15 peresenti, ndiye kuti K10.5 miliyoni. Boma latenga K40.5 miliyoni, mwini wake walandira K59.5 miliyoni. Wonena kuti mlendo sasiya kanthu ayambe wafotokoza kumene K40.5 miliyoni imeneyi yachokera.

Koma nkhani siithera pamenepo, ndipo odandaula akadaloza chala chawo apa akadakhoza. Mitundu itatu ya malipiroyi siilemera mofanana pamaso pa lamulo. Phindu la masheya limaperekedwa msonkho wa kampani utalipidwa kale. Chiwongoladzanja ndi malipiro a umwini amaziwerengera ngati ndalama zoyendetsera bizinesi, choncho zimachotsedwa msonkho wa kampani usanawerengedwe. Mwini wa kampani ya ku Tsangano ija akakhala wochenjera, m'malo mogula masheya amaikongoza kampani yake yomwe, kapena amailipitsa chifukwa chogwiritsa ntchito dzina la malonda lomwe adalembetsa kunja. K100 miliyoni yonse ikatuluka ngati chiwongoladzanja, m'mabuku simutsala phindu, msonkho wa 30 peresenti uja sukhalapo, ndipo boma limangopeza K15 miliyoni. Ndalama ndi yomweyo, mwini ndi yemweyo, chasintha ndi dzina lolembedwa pa pepala basi, koma boma lataya K25.5 miliyoni. Pa chifukwa chimenechi msonkho wodula ndalama zisanatuluke ndiwo mpanda womaliza. Ukagwa umenewu, boma silitsala ndi chilichonse.

Chimene chimaugwetsa ndi mapangano a msonkho a pakati pa mayiko. Cholinga chawo n'chabwino: kuti munthu asalipire msonkho kawiri pa ndalama imodzi, kuno ndi kwawo. Vuto n'lakuti ena mwa mapanganowa amatsitsa mlingo wa Malawi mpaka kufika pa ziro. Pangano la Malawi ndi Britain lidasainidwa mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland pansi pa atsamunda omwewo, ndipo limaletsa Malawi kudula msonkho pa chiwongoladzanja ndi pa malipiro a umwini opita kwa wokhala ku Britain amene amalipira msonkho kumeneko. Mbali zonse ziwiri za tebulo pa nthawiyo zidali m'manja mwa Britain, ndiye zotsatira zake sizodabwitsa.

Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga ndiwo umboni wodziwika bwino. Kampani ya ku Australia ya Paladin idautsegula mu 2009 n'kuimitsa kukumba mu 2014. Malawi alibe pangano la msonkho ndi Australia, kotero ndalama zopita kumeneko mwachindunji zikadadulidwa. Lipoti la bungwe la ActionAid la mu 2015 lidasonyeza kuti chiwongoladzanja ndi malipiro a uyang'aniri zinkadzera ku kampani ina ya Paladin ya ku Netherlands yomwe idalibe antchito, chifukwa pangano lakale la dzikolo ndi Malawi linkachotsa msonkhowu. Bungwelo lidawerengera kuti Malawi adataya madola oposa 27 miliyoni mwa njira imeneyi, ndipo kuphatikiza ndi zina zimene boma lidaichepetsera kampaniyo, zonse zidakwana madola 43 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi. Paladin idatsutsa zoti idachita cholakwa, ndipo mfundo yowawa ndi yomweyo: njirayo idali yololedwa. Malawi adathetsa pangano la Netherlands, ndipo lidasiya kugwira ntchito mu 2014.

Malamulo ena adabwera kudzatseka mipata. Pali malire a ngongole imene kampani ingatenge kwa eni ake: ikaposa katatu chuma chimene eni akewo adaikamo, chiwongoladzanja cha gawo lopitiriralo sichichotsedwa powerengera msonkho. Palinso malamulo a mu 2017 okhudza mitengo imene makampani apachibale amalipitsana, omwe amafuna kuti mtengowo ufanane ndi umene anthu osadziwana angagwirizane. Kulemba lamulo n'kosavuta. Chovuta n'kutsimikiza kuti dzina la malonda kapena uphungu wochokera ku likulu ndi wa ndalama zingati kwenikweni, ndipo ntchito imeneyo imafuna akatswiri owerengera chuma amene MRA iyenera kuwalimbirana ndi makampani omwewo.

Wofuna kudziwa ngati kampani ikuzemba sayenera kufunsa ngati mwini wake ndi mlendo. Zizindikiro zili m'mabuku a chuma: kampani yomwe malonda ake akukula koma chaka ndi chaka imalengeza kuti yaluza, ngongole yaikulu yochokera ku kampani yapachibale m'malo mwa banki, malipiro a umwini kapena a uyang'aniri omwe amakwera molingana ndi phindu, ndi wolandira ndalama wokhala m'dziko lomwe kampaniyo ilibeko fakitale, makasitomala kapena antchito. Makampani amene ali pa msika wa masheya wa ku Blantyre amasindikiza mabuku awo chaka chilichonse, ndipo ndime ya malonda ndi makampani apachibale imapezeka chakumapeto kwa lipotilo. Ambiri amene sali pa msikawo, monga ogula mbewu kapena okumba miyala m'maboma ngati Ntcheu, sasindikiza mabuku awo m'nyuzipepala, ndipo wowaunika mokwanira ndi MRA.