Lipirani zomwe mwalandira, zotsalazo mukambirane

Tinene kuti wosindikiza matisheti wakutumizirani invoisi ya K1,600,000, ya matisheti 200 pa mtengo wa K8,000 imodzi. Koma m'katoni munafika 150 okha. Ambiri zikatere amakaniratu kulipira, ena amathamangira kukamuyalutsa pa Facebook. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kudzipweteka, chifukwa munthuyu mudzamufunanso mawa, mwinanso pa ngongole.

Lipirani msanga K1,200,000 ya matisheti omwe mwalandira. Mukatero, mkangano watsala pa K400,000 basi, ndipo sangakuneneni kuti mukuzemba ngongole.

Kenako mulembereni pa WhatsApp, osati kungoimba foni, pajatu mawu apakamwa amakanika: "Achimwene, invoisi ikuti 200, koma pakapepala komwe tinasainirana ndi dalaivala wanu pali 150. Ndalipira za 150. Otsalawo tingawalandire pofika Lachisanu? Zikavuta, munditumizire invoisi ina yokonza." Muikepo chithunzi cha kapepalako. Mawu oti "mwandibera" asapezekemo, chifukwa nthawi zina wolemba invoisi amangokopera manambala a pa kotesheni osafunsa omwe analongedza katundu.

Povuta m'pakuti ngati munasainira 200 osawerenga, kapepala komweko kaikira kumbuyo iyeyo. Apo mungodalira ubale wanuwo.