"NDAMWA AWIRI CABE": MAU AMENE AKUTIPHA PA MSEU

Pa nthawi yokolola, ambiri a ife timacita hayala Kenta kuti tinyamule cimanga kapena nshawa kupita ku Katete kapena ku Cipata. Malonda akatha, dalaivala amalowa m'bala pang'ono, ndipo potuluka amati, "Atate musade nkhawa, ndamwa awiri cabe." Ife timakwera. Tikufuna tione bwino ngati mau awa ali oona.

Lamulo la za pa mseu la caka ca 2002 linaika malire pa mamiligalamu 80 a mowa mu mamililita 100 a magazi. Boma siliwerenga mabotolo ai, limayeza mowa umene wafika m'magazi. Cifukwa cake n'cakuti botolo limodzimodzi silicita cimodzimodzi mwa anthu onse. Munthu wocepa thupi, mzimai, kapena amene wamwa cosadya, mowa umakwera msanga m'magazi mwake.

Tiyeni titenge citsanzo. Botolo la mamililita 375 la mowa wa 4 peresenti lili ndi magalamu pafupi-fupi 12 a mowa weni-weni. Bambo wolemera makilo 60 akamwa mabotolo awiri mofulumira, amafika capafupi ndi 55 kapena 60. Akaonjezera lacitatu, wafika pa malire kapena wapitirira. Nanga kacasu? Kacasu alibe cikalata cosonyeza mphamvu yake, conco womwayo sangawerenge kanthu.

Kodi apolisi kapena a RTSA amadziwa bwanji pa lodibuloko popanda kutenga magazi? Magazi onse amapita m'mapapo, ndipo mowa pang'ono umatuluka pamodzi ndi mpweya. Dalaivala amapatsidwa kapaipi katsopano n'kuuzidwa kuti auzire mosalekeza mpaka makina alire. Amatero cifukwa mpweya wofunika ndi wa pansi pa mapapo, osati wa m'kamwa. M'kati mwa makinawo muli kacipangizo kamene kamatulutsa mphamvu ya malaiti kakakumana ndi mowa. Mowa ukaculuka, nambala imakwera. Ngati munthu wangomwa kumene, mowa wotsala m'kamwa ungakweze nambala monama, ndiye cifukwa cake woyeza ayenera kuyembekeza mphindi 15 kapena 20. Kutafuna nshawa, maswiti kapena anyezi kumangobisa fungo. Makinawo samva fungo.

Cina cimene anzathu amadzinamiza naco ndi tiyi, kofi ndi kusamba madzi ozizira. Cimene cimacotsa mowa m'thupi ndi ciwindi, ndipo sicifulumizidwa. Pa ola limodzi cimatsitsa pafupi-fupi mamiligalamu 15 cabe. Amene anacoka ku cikwati pakati pa usiku ali pa 180, pofika 6 koloko m'mawa akali pa 90, ngakhale wagona ndi kusamba.

Tsono tibwerere kwa dalaivala wathu wa mabotolo awiri. Mwina makina angamulole kupita. Koma malire a 80 ndi mzere wa khoti, si cizindikiro cakuti munthu ali bwino. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse limalangiza maiko kuika malire pa 50 kapena kucepera apo, cifukwa ngozi zimayamba kuculuka munthu asanafike pa 80. Dziko la Sikotilandi linatsitsa malire ake kucoka pa 80 kufika pa 50 m'caka ca 2014.

Mowa umayamba kufooketsa mbali ya bongo imene imatiuza kuti "yembekeza". Miyendo ikali yolimba, lilime likali lowongoka, koma munthu wayamba kudzikhulupirira mopitirira. Ndiye amene amapitirira thilaki pa phiri asanaone kutsogolo. Maso amavutika kutsatira zinthu ziwiri nthawi imodzi, monga njinga kumanzere ndi ngolo ya ng'ombe yopanda nyali kutsogolo. Motoka yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kucedwa kuponda buleki theka la sekondi ndi mamita 11, ndipo mwana wodumpha mseu ali mkati mwa mamita amenewo. Coipa kwambiri n'cakuti nzeru zimene munthu angadziyeze nazo ndizo zimene mowa wayamba kale kuononga. Conco mau akuti "ndili bwino" si umboni.

Pa miseu ya kumidzi kwathu malodibuloko ndi ocepa, ndipo makinawo sitidzawaona kawiri-kawiri. Woyeza ndife okwera. Tipempha a makopaletivu ndi a mabungwe a pa parishi kuti pocita hayala motoka ya ku msika, ya cikwati kapena ya maliro, azipangana ndi mwini motoka asanapereke ndalama: dalaivala asalawe mowa mpaka atatibweza kwathu. Akaswa pangano, tisakwere. Tingagone pa sitesheni ndi matumba athu, m'mawa tipita.