Sikelo si mankhwala a modelo iliyonse

Pa 1 Januwale 2013, Banki Yaikulu ya Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha. K1,000 inakhala K1, koma palibe amene anasauka chifukwa cha ichi. Chinasintha ndi muyeso chabe. Manje pali mamodelo ena amene amasokonezeka ukasintha muyeso motere, ndi ena amene sazindikira n'komwe. Chimene chimandinyansa ndi achinyamata ambiri ophunzira za deta, ndi ena owaphunzitsa, amene amaika `StandardScaler` paliponse monga mchere, kapena kuisiya paliponse, osadziwa chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti tifuna kulosera renti ya nyumba mu Chibolya ndi zinthu ziwiri: zipinda ndi mtunda wofika ku msika wa Soweto. Nyumba yathu ili ndi zipinda 2, mamita 800. Ya B ili ndi zipinda 2, mamita 1,100. Ya C ili ndi zipinda 5, mamita 850. Landilodi aliyense mu komboni angakuuzeni kuti yofanana ndi yathu ndi B.

Koma `KNeighborsRegressor` imafuna neba wapafupi powerengera motere:

```
B: sqrt(0**2 + 300**2) = 300
C: sqrt(3**2 + 50**2)  = 50.1
```

Yasankha C, ndipo munthu wa zipinda ziwiri wapatsidwa renti ya zipinda zisanu. Kusiyana kwa zipinda kunapereka 9 chabe, pamene mamita anapereka 2,500. Lembani mtunda womwewo mu makilomita: B akhala pa 0.3, C pa 3.0, ndipo neba ndi B. Nyumba sizinasunthe, koma yankho latembenuka. Makilomita nawonso si chipulumutso, angogwirizana ndi landilodi mwamwayi.

Ntchito ya `StandardScaler` ndi kuchotsa avareji pa kolamu iliyonse ndi kugawa ndi kamwazikidwe ka manambala ake, `std`. Ngati `std` ya zipinda ndi 1.5 ndipo ya mtunda ndi mamita 600, B akhala pa 0.5, C pa 2.0. Lembani mamita, makilomita, kaya mapazi, yankho likhala lomwelo.

Kwa `Ridge` ndi `Lasso` vuto limalowera khomo lina. Mamodelo awa amachulukitsa kolamu iliyonse ndi nambala yake, ndipo amalipiritsa faindi nambalayo ikakula, kuti modelo isaloweze deta pamtima. Tinene kuti renti imatsika ndi K200 pa kilomita iliyonse. Mu makilomita nambala ndi 200, mu mamita ndi 0.2. `Ridge` imaichulukitsa ndi iyo yokha: 40,000 uku, 0.04 uko. Mfundo imodzi, faindi yosiyana kamiliyoni. Zili ngati kanselo yolipiritsa ogulitsa malinga ndi kukula kwa zilembo pa chikwangwani, osati katundu. `Lasso` ingathe kufikitsa nambala ya kolamu yofunika pa ziro n'kuitaya, chifukwa cha muyeso basi. Ndipo chenjerani: `LogisticRegression` ya scikit-learn imabwera ndi faindi yoyatsidwa kale, ngakhale simunaipemphe.

Mtengo wa mafunso, `DecisionTreeRegressor`, ulibe nazo ntchito izi. Umatenga kolamu imodzi pa nthawi n'kufunsa: kodi mtunda ndi wochepera mamita 1,000? Funso ili ndi limodzi ndi lakuti wochepera kilomita 1. Nyumba zopita kumanzere ndi zomwezo. Mtengo suphatikiza zipinda ndi mamita, umangoona ndondomeko, yaing'ono mpaka yaikulu, ndipo sikelo sisintha ndondomeko.

Ena amati, "Ngati sizivulaza mtengo, ikani chabe paliponse." N'zoona, zolosera sizisintha. Koma mtengo timaukonda chifukwa umawerengeka. Ukaikidwa sikelo umanena kuti mtunda ndi wochepera 0.33. Kafotokozereni amalume anu a landilodi zimenezo. Choipa kwambiri, chizolowezi ichi chimabala chikhulupiriro chakuti sikelo imayeretsa deta. Ngati kolamu imodzi ili ndi renti ya 2012 yolembedwa 300,000 ndi ya 2014 yolembedwa 300, `StandardScaler` siingakonze, ndipo apa mtengo nawonso umagwa, chifukwa ndondomeko yeniyeniyo yasokonezeka. Muyenera kugawa manambala akale ndi 1,000 nokha.

Pamene sikelo ifunika, iikeni mkati mwa modelo:

```python
make_pipeline(StandardScaler(), Ridge())
```

Mwa njira iyi avareji ndi `std` zimachokera ku deta yophunzitsira yokha, ndipo deta yoyesera sisuzumiridwa mayeso asanafike.

Kuti mudziwe ngati modelo yanu ili ndi matenda awa, chulukitsani kolamu imodzi ndi 1,000, phunzitsaninso, fananizani zolosera. Za mtengo zikhala zomwezo. Za neba wapafupi ndi `Ridge` zopanda sikelo zisintha.